Chigamulo cha mjigo wa kumudzi chatuluka

Mlembi: Abale anga, loya wathu watumiza chigamulo cha mlandu wathu ndi kontilakitala wokumba mjigo uja, ndachiika pagulu pano. Masamba 17, Chingerezi chokhachokha. Loweruka ndikupita kumudzi ndipo a Gulupu akufuna ndikafotokoze pamaso pa anthu. Ndithandizeni, ndikanene chiyani?

Bambo a Tadala: Tapambana! Wamkuluyo abweza ndalama zonse.

Nabanda wa ku Kawale: Tapambana pati? Tsamba 9 likuti kontilakitala sanalonjeze madzi. Taluza basi. Ndalama zathu zija zapita ngati za mipando.

Chisale: Ine ndaona tsamba 4. Palembedwa poyera kuti K800,000 ija munthuyo sanailandire. Msungichuma atiuze komwe inalowera. Khoti lanena lokha.

Msungichuma: A Chisale, samalani pakamwa.

Malume a ku Area 25: Taimani kaye nonse. Ndagwira ntchito ya ukalaliki m'makhoti zaka zambiri, ndipo chigamulochi ndachiwerenga kawiri usiku. Atatu nonsenu mwatola tsamba limodzilimodzi n'kuthamanga nalo.

A Mlembi, tengani pepala mulembe mitu inayi: zomwe zinachitika, funso lomwe khoti linayankha, zomwe lalamula, ndi chifukwa chake. Koma powerenga musayambire kumayambiriro. Yambani tsamba lomaliza, pomwe jaji walemba zomwe akulamula. Mukadziwa komwe ulendo wathera, masamba ena onse mumawawerenga mukudziwa kuti mawu awa anathandiza, awa anagwa panjira.

Chisale: Malume, tsamba 4 lilipo kapena palibe?

Malume a ku Area 25: Lilipo, mphwanga. Koma tawerenga mawu oyamba a ndime imeneyo. Akuti "the defendant contends". Ndiye kuti woimbidwa mlandu ndi amene akutero, osati jaji. Kuyambira tsamba 2 mpaka 6 jaji akungobwereza zomwe mbali iliyonse inanena, zathu ndi zake zomwe. Pamenepo sanakhulupirire aliyense. Mawu ake a jaji ayamba tsamba 8, pomwe mukuona "I find" kapena "the court finds". Pamutu wa zomwe zinachitika timalemba zinthu ziwiri zokha: zomwe mbali zonse zinavomerezana, ndi zomwe jaji wati wazipeza kuti n'zoona. Zina zonse, ngati mukufuna kuzitchula, muziyamba ndi mawu akuti "iye anati".

Ndiye zomwe zinachitika ndi izi, mwachidule. Gulu linasainirana pangano ndi kontilakitala kuti akumbe mjigo wozama mamita 45 pamtengo wa K6,000,000. Gulu linamulipira K3,400,000 kudzera kubanki. Iye anakumba mamita 28, sanapeze madzi, ananyamula makina ake n'kuchoka. Gulu linasuma kuti abweze K4,200,000, ponena kuti K800,000 ina anapatsidwa pamanja. Iye anakana kuti sanailandire, ndiponso anafuna kuti timulipire ndalama zotsala. Basi. Zoti tinasonkhana kangati, ndani analira, galimoto inafera pa Nsaru, zimenezo n'zathu, khoti silinagamule pa izo.

Nabanda wa ku Kawale: Nanga za madzi? Ife tinkafuna madzi, osati dzenje. Azimayi akutungabe kudambo.

Malume a ku Area 25: Anabanda, mwaona zoona koma theka. Mafunso analipo atatu, ndipo chidule chabwino chiwalembe ngati mafunso enieni, oti munthu ayankhe kuti inde kapena ayi.

Kodi panganolo linalonjeza madzi? Jaji wati ayi. Pepala lomwe tinasaina likunena za kukumba mamita 45, silikunena kuti madzi atuluka. Pamenepo tagwa, ndipo ndi tsamba 9 lanulo.

Kodi kontilakitala anaphwanya pangano poima pa mamita 28? Jaji wati inde. Apa ndi pomwe pagona mlandu wonse. Iye anati anakumana ndi thanthwe, koma jaji wati panganolo silinamupatse ufulu woleka yekha osatiuza, ndipo sanabweretse umboni woti thanthwelo silikanabooleka. Mtengo unali umodzi wa ntchito yonse, dzenje la theka silitithandiza chilichonse, ndiye abweze zomwe analandira.

Kodi analandira zingati? Jaji wati zomwe zatsimikizika ndi K3,400,000.

Mukasakaniza mafunso atatuwa kukhala limodzi, wina afuula kuti tapambana, wina kuti taluza, ngati m'mawa muja.

Bambo a Tadala: Ndiye kuti sabweza zonse?

Malume a ku Area 25: Ayi. Tsamba 17 likuti abweze K3,400,000, pempho lake loti timulipire zotsala lakanidwa, ndipo alipire zomwe tawononga poyendetsa mlanduwu. Kuchuluka kwa zimenezo sikunalembedwe. Akalephera kugwirizana maloya, akawerengera ndi Rejisitala wa khoti. A Mlembi, musakatchule nambala pa zimenezi, anthu adzaigwira pamtima.

Chisale: Ndiye mwavomereza nokha. K800,000 khoti laikana. Sinafike kwa munthuyo. Ili ndi ndani?

Msungichuma: Ndinaipereka ndi manja angawa pa depoti, tsiku lomwe ankagula dizilo. A Wapampando analipo. Kulakwa kwanga n'koti sindinamusainitse. Zaka ziwiri ndakhala ndikutchedwa wakuba pagulu pano, ana anga amawerenga mauthenga amenewa.

Mayi Busa: Abale, tiyeni tilankhulane mwaulemu.

Mphunzitsi wa ku Biwi: Ine ndawerenga tsamba 13. Khoti lamuyeretsa Msungichuma. Silinanene kuti anaba. A Mlembi akalengeze zimenezo kumudzi nkhaniyi ithe.

Malume a ku Area 25: Aphunzitsi, pepani, koma nanunso mwadumpha. Silinanene kuti anaba, zoona. Silinanenenso kuti sanabe. Funso limenelo kunalibe kukhotiko, ndipo Msungichuma anali mboni chabe, sanali woimbidwa mlandu.

Zomwe jaji wanena n'zakuti amene akuti ndinalipira ndiye ayenera kutsimikiza. Pamlandu ngati uwu, wosakhala waupandu, jaji amaika maumboni pasikelo n'kuona mbali yomwe yalemerako. Pa K3,400,000 tinali ndi mapepala a kubanki. Pa K800,000 tinali ndi mawu a munthu mmodzi, wina akukana, lisiti palibe, m'buku la gulu simunalembedwe, ndipo a Wapampando sanapite kukachitira umboni. Sikelo sinapendekere kwathu. "Sizinatsimikizike kuti analandira" ndi mawu ena, "zatsimikizika kuti sanalandire" ndi enanso. Chidule chilembe oyambawo, ndendende.

Nabanda wa ku Kawale: A Wapampando sanapite chifukwa chiyani?

Wapampando: Ndinali ku Mchinji kumaliro a apongozi, ndipo loya sanandiuze kuti ndikufunika. Zilembedwe zimenezo.

Chisale: Maliro omwewo omwe tinasonkha K5,000 aliyense osamva kuti zinakwana zingati?

Mayi Busa: A Chisale!

Achimwene a ku Joni: Moni nonse, ndangolowa kumene. Malume, poti mukudziwa izi, munda wa amayi uja a msuweni akulimamo, chigamulochi chingatithandize? Nawonso anaphwanya pangano.

Malume a ku Area 25: Sichingakuthandize, imeneyo ndi nkhani ya malo, iyi ndi ya pangano la ntchito. Undiimbire madzulo.

Ndibwerere kwa a Mlembi, chifukwa patsala msampha umodzi, tsamba 14. Jaji walemba kuti magulu ngati lathu angachite bwino kusunga mabuku a ndalama ndi kupewa kulipira pamanja. Mawu amenewa akoma kuwabwereza, ndipo ndikudziwa ena awajambula kale. Koma si chifukwa cha chigamulo, ndi ndemanga ya m'mbali. Njira yodziwira ndi iyi: fufutani ndimeyo m'maganizo mwanu, mufunse ngati zomwe khoti lalamula zikanasintha. Mukachotsa malangizo a tsamba 14, palibe chisintha. Mukachotsa zoti anaima pa mamita 28 popanda chilolezo, mlandu wonse wagwa. Chimene chikugwetsa mlandu mukachichotsa ndiye chifukwa chenicheni.

Mphunzitsi wa ku Biwi: Koma Malume, anthu a kumudzi safuna zonsezi. Akufuna mawu amodzi. Ngakhale mlandu wa chisankho uja tonse tinangoti tipekisi, ndipo tinamvana.

Malume a ku Area 25: Chitsanzo chabwino chimenecho, koma chikutsutsa inu. Pa 3 February 2020 majaji asanu anawerenga chigamulo tsiku lonse kuno ku Lilongwe, masamba pafupifupi 500. Amene anangoti tipekisi anatola chidutswa cha zomwe zinachitika n'kusiya zina zonse. Funso linali lakuti kodi chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019 chinayenda motsatira malamulo. Khoti linati zolakwika zinali zambiri ndi zazikulu moti zotsatira sizikanadalirika. Linachifafaniza, linalamula china m'masiku 150, linabwezera utsogoleri momwe unalili chisankho chisanachitike, n'kunenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Munthu wa mawu amodzi uja anadabwa ataona kuti a Chilima abwerera paudindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, pomwe zinali m'chigamulo momwemo. Ndipo nkhani sinathere pomwepo, inapita pa apilo, khoti la Suprimu n'kuvomereza mu May chaka chomwecho.

Nafenso chimodzimodzi. Kontilakitala angathe kuchita apilo. Ngakhale asachite, pepala si ndalama. Akapanda kulipira, loya ayenera kubwereranso kukhoti kuti masherifu akamulande katundu. A Mlembi, mukamalize ndi mawu akuti ndalama sizinabwere.

Mlembi: Ndalemba chonchi, ndikonzeni. Tinapangana mamita 45, anakumba 28 n'kuchoka. Khoti linafunsa ngati analonjeza madzi, lati ayi. Linafunsa ngati anaphwanya pangano, lati inde, chifukwa analeka yekha popanda umboni wokwanira wa thanthwe. Abweze K3,400,000 ndi zomwe tawononga pamlandu. K800,000 sinatsimikizike poti panalibe lisiti. Ndalama sizinafike, ndipo apilo ingatheke.

Malume a ku Area 25: Onjezerani kuti pempho lake la ndalama zotsala lakanidwa, anthu angaope kuti tili ndi ngongole. Kenako mutumize kwa loya aone musananyamuke.

Chisale: Ine sindikuvomereza. Mukangoti sinatsimikizike, a Gulupu afunsa kuti ili kuti. Muyankha chiyani?

Msungichuma: Ndipita nawo Loweruka, ndikayankha ndekha. A Wapampando, mupite nanu mukanene zomwe munaona pa depoti.

Nabanda wa ku Kawale: Ndipo zikabwera K3,400,000 zo, mjigo masiku ano sukumbika ndi ndalama imeneyo. Tisonkhanso? Ine sindiponya kanthu mpaka nditaona lipoti la mipando.

Bambo a Tadala: Mipando ili kwa a Gulupu, 40 yonse.

Nabanda wa ku Kawale: Tinagula 60.

Mlembi: A Wapampando, mwawerenga uthenga wa Msungichuma? Minibasi ndikwera ya 6 koloko.