Akudzapopera mankhwala Loweruka, nanga mwana wa mphumu ndichite naye bwanji?

Make Tadala: Abale ndithandizeni nzeru. Timakhala m'mafulati ku Lilongwe kuno, ndipo alandilodi amata chidziwitso pa geti kuti Loweruka akudzapopera mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu mdadada wonse. Alemba kuti tichotse ziwiya m'makabati, ufa ndi zakudya titsekere m'ndowa za chivindikiro, mabedi tiwasunthe kukhoma, matiresi tiwaimike, kenako tituluke 8 koloko n'kudzabwera pakatha maola 4. Nsikidzizo zatizunzadi, mkono wa mwana wanga uli zilonda zokhazokha chifukwa chokanda. Koma mwanayu ali ndi miyezi 9, amakwawa, ndipo mkulu wake amadwala mphumu. Maola 4 akwanira? Dzina la mankhwala sanalembe.

Bambo Gondwe: Mayi, yambani ndi dzinalo. Ndagwirapo ntchito yopopera, ndipo nthawi yobwerera m'nyumba imalembedwa pa botolo. Funsani alandilodi akuuzeni dzina, komanso ngati opoperawo ali ndi chiphaso cha Pesticides Control Board. Mukamva zoika mapiritsi aja a m'chimanga, kanani. Amatulutsa mpweya wa fosifini umene umadutsa m'ming'alu ndi kudenga mpaka kwa aneba, ndipo umapha anthu ali mtulo. Ngati ndi opopera wamba, akuluakulu angabwerere pakauma, koma anawo akagone kwa achibale usiku umodzi. Inu mukafike kaye, mutsegule mazenera onse kwa ola lathunthu.

Nachisale: Ife atapopera ndinakolopa nyumba yonse ndi sopo tsiku lomwelo, mwana sanadwale. Muwamwetsenso mkaka.

Bambo Gondwe: Kukolopa pakati pomwe mwana amakwawa n'koyenera achemwali, matebulo ndi pophikira pomwe. Koma m'mphepete mwa khoma ndi kuseri kwa kabati musiye kwa milungu iwiri, mankhwala otsalirawo ndi amene amapha zotuluka usiku. Mkaka suchotsa poizoni. Mwana akayamba kusanza, kutuluka dovu lambiri kapena kubanika, thamangirani kuchipatala ndi dzina la mankhwalawo.

Che Jafali: Kwathu ku Zomba tinapopera, patatha milungu itatu nsikidzi zabwerera. Ndalama zinangopita.

Bambo Gondwe: Mazira ambiri safa ndi mankhwala, amaswa pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. N'chifukwa chake amabwereza pakatha milungu iwiri. Zofunda muchape m'madzi otentha kwambiri, madigiri 60, muzimange m'mapepala a pulasitiki mpaka tsikulo lidutse.

Make Tadala: Zikomo kwambiri bambo. Ndawaimbira alandilodi, akuti dzina anditumizira mawa, koma zobwereza sanapangane. Vuto lina, aneba a khomo loyandikana nafe apita kumudzi ndi makiyi. Nyumba yawo ikatsala, sizidzathawira konko n'kubwereranso?

Nachisale: Zidzabwera ndithu. Aimbireni, mwina pali m'bale amene anamusiyira kiyi.