Zithunzi 140, nyimbo imodzi, mabanja awiri

Tiyamike: Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Ndikukonza kanema wachikumbutso woti akaonetsedwe pamwambo wa maliro Loweruka lino. Malemu ndi bambo a zaka 78. Ana anditumizira zithunzi 140, koma nyimbo asankha imodzi yokha, ya mphindi 4 ndi masekondi 10. Chandiimika mutu n'chakuti bambowa anakwatira kawiri. Ana a banja loyamba atumiza zithunzi zomwe muli mayi awo, amene ukwati unatha kalekale koma ali moyo, pomwe mayi oferedwawa adzakhala pamzere woyamba penipeni.

Madalitso: Ikani zonse mchemwali, pasapezeke wodandaula. Muziika zinayi zinayi pa sikirini, zikwana bwinobwino. Ndondomeko yake muyambire paubwana mpaka kuukalamba.

Mayi Nachisale: Pa ndondomekopo a Madalitso mwakhoza, koma zinayi zinayizo ayi. Munthu amene wakhala kumbuyo, misozi ili m'maso, sangazindikire nkhope yaing'ono ngati ya pachiphaso. Tiyamike mwanangu, tenga cholembera. Nyimbo yako ndi masekondi 250. Chotsapo 8 a dzina ndi zaka poyambirira, ndi 12 a chithunzi chomaliza, utsala ndi 230. Chithunzi chilichonse chimafunika masekondi 5 kuti munthu achione, azindikire, apume. Ndiye kuti 46. Koma cha gulu chimadya 7 kapena 8 chifukwa aliyense amayamba wadzifunafuna yekha, choncho werengera 40 basi.

Zotsalazo usataye. Konza kanema wachiwiri wautali wokhala ndi zonse, uwapatse pa fulashi akaonere kunyumba. Ukawauza zimenezi poyamba, mkangano wa "changa mwachisiyiranji" umazizira wokha.

Kondwani: Ine pamaliro ndimaima patali n'kumakoka ndi lenzi yaitali, kamera osaiyandikiza kwa anthu olira. Onetsetsaninso mabatire.

Tiyamike: Zikomo achimwene, koma sindikukajambula mwambo. Ndi kanema wa zithunzi zakale. Amayi, nanga za mabanja awiriwa?

Mayi Nachisale: Imeneyo si mbali yoti ugamule iwe. Funsa banja likupatse munthu mmodzi yemwe mbali zonse zimamumvera, ndipo mawu omaliza azichokera kwa iyeyo. Ukamalandira malangizo kwa anthu asanu pa WhatsApp, udzachotsa chithunzi usiku n'kuchibwezeretsa m'mawa. Chimene ine ndimapempha n'chakuti mwana aliyense aoneke ndi bambo ake, ndipo aoneke mofanana. Anthu amawerenga, usaganize kuti sawerenga. Mwana mmodzi akaoneka kasanu, wina kamodzi, nkhani idzakhala imeneyo mpaka chaka chamawa. Mayi oyambawo angaoneke pachithunzi cha banja lonse ana ali aang'ono, poti imeneyo ndi mbiri ya anawo. Cha ukwati woyamba, awiri okha atagwirana manja, ndingachisunge m'kanema wautali uja.

Madalitso: Apo sindikugwirizana nanu amayi. Ngati cha ukwati wachiwiri chikulowa, ana oyamba adzaona ngati mayi awo afufutidwa. Zilowe zonse ziwiri, kapena zonse zitsale.

Mayi Nachisale: Mfundo yanu ndi yomveka. N'chifukwa chake ndikuti Tiyamike apereke njira zonse ziwiri kwa woimira banja uja, ndipo mayi oferedwawo adziwe zisanafike pa sikirini.

Chikondi: Ine yanga inandivuta ndi ya chithunzi cha kuchipatala. Mwana wina anaumirira kuti chilowe poti ndi chomaliza chimene anajambulitsa ndi mayi ake, koma malemuwo anali ataonda kwambiri, chubu chili pamphuno. Tinamvana kuti ndidule chithunzicho, patsale manja awo okha atagwirana. Muonenso ngati m'zanuzo mulibe zotere. Ndipo musatsirize ndi chatsopano kwambiri chifukwa choti ndi chatsopano, tsirizani ndi chimene banja likuti "awa ndiye bambo athu".

Tiyamike: Zilipo zitatu zakuchipatala, ndazipatula. Vuto lina, zambiri zikuphwanyika ndikaziika pa 1920x1080.

Chikondi: WhatsApp imafinya zithunzi. Auzeni 40 zosankhidwazo atumizenso ngati `Document`. Zapapepala azijambule masana pafupi ndi windo, osayatsa kuwala kwa foni chifukwa kumanyezimira. Zoimirira musazitambasule kuti zidzaze sikirini, nkhope imafufuma. Zisiyeni pakati, m'mbali mukhale mwakuda.

Mayi Nachisale: Nyimbonso umvetsere mawu ake onse mpaka kumapeto, mwina anaisankha pokumbukira kolasi yokha. Usaidule pakati pa mzere, chithunzi chomaliza chizime limodzi ndi nyimbo. Maina ndi zaka akulembere m'bale wa malemu, usakopere paliponse.

Tiyamike: Ndalankhula ndi mng'ono wa malemu, avomera kukhala woimira banja. Za 40 agwirizana nazo. Za zithunzi za maukwati akuti ndiwadikire, akambirana kaye ndi mayi oferedwa madzulo ano. Ndakonza makanema awiri, wina zilimo wina mulibe, Lachisanu ndikayesa pa pulojekita yawo.