Wotchi ya GPS ya 4,000 metikali: ndigule kapena ndisiye?

Fulugensiyo: Mwadzuka bwanji nonse? Kuno ku Ulongwe wina akugulitsa wotchi ya GPS yogwirapo kale ntchito, akuti 4,000 metikali. Ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 10 ku Tete, ndipo ndikufuna kuthamanga 5:30 pa kilomita. Akuti wotchiyo imakuuziratu nthawi yomwe umalizire. Ndigule?

Zakeyu: Achimwene, imeneyo ndi ndalama ya feteleza. Tengani foni, lembani 5.30 kuchulukitsa ka 10, ikupatsani mphindi 53. Theka la ndalamayo munditumizire pa M-Pesa.

Aphunzitsi Banda: A Zakeyu, zoti wotchi siyofunika pa masamu amenewa mwalondola, koma mwawalonjeza mnzanu mphindi ziwiri zomwe alibe. Mphindi ili ndi masekondi 60, osati 100, choncho 5:30 ndi mphindi zisanu ndi theka, pa foni mulembe 5.5. Ine ndimachita padera-padera. Mphindi 5 ka 10 ndi 50. Masekondi 30 ka 10 ndi 300, zomwe ndi mphindi 5. Zonse pamodzi 55:00. Kuti munthu amalize pa 53 ayenera kuthamanga 5:18, ndipo miyendo imaimva bwino ntchito ya masekondi 12 amenewo ikafika kilomita ya 8.

Zakeyu: Ee, sukulu sitha.

Aphunzitsi Banda: Chidule chake, pa makilomita 10 masekondi 6 aliwonse pa kilomita ndi mphindi imodzi pomaliza. 5:24 ndi 54:00, 5:36 ndi 56:00, 6:00 ndi ola lathunthu.

Mayi Anachisale: Pepani ndilowerere. Foni yanga imandilembera 11 ndikamathamanga kuno ku Moatize. Ndiye kuti ine ndi wa mphindi 110? Komatu sinditenga nthawi yonseyo.

Aphunzitsi Banda: Ayi mayi, yanuyo ikuwerenga makilomita pa ola. Gawani 60 ndi 11, mupeza pafupifupi 5:27 pa kilomita, ndiye kuti mumamaliza cha pa 54 ndi theka. Muli patsogolo pa a Fulugensiyo pang'ono.

Lusiya: Inetu ndili nayo wotchi yotere, ndipo ndikuti gulani. Kuwerengetsa muli pa mkeka n'kosavuta. Vuto ndi loti mluzu ukalira aliyense amanyamuka ngati wathamangitsidwa ndi galu, kilomita yoyamba mumaidutsa pa 4:50 osadziwa, pofika ya 7 mukuyenda. Wotchi imakubwezani msanga. Koma musaikhulupirire yonse. Pa mpikisano wanga womaliza inkandionetsa 5:30 njira yonse, ine mtima uli m'malo kuti 55 ndaipeza. Inalira kuti makilomita 10 akwana mzere womalizira ndikuuonera patali. Pofika pamzere inali italemba 10.15, nthawi 55:50.

Fulugensiyo: Ndiye kuti okonza mpikisano anayeza molakwika?

Aphunzitsi Banda: Mwina, koma kawirikawiri ayi. Njira yoyezedwa bwino imayezedwa podutsa pafupi kwenikweni, mkati mwa makona. Inu mumakhotera kunja, mumazemba anzanu, mumapatukira pa tebulo la madzi, GPS nayonso imaphonya pang'ono. Mamita 150 owonjezerawo pa 5:30 ndi masekondi pafupifupi 50, ndi omwe anawataya achemwali. Wofuna 55:00 pa wotchi yotere athamange ikuonetsa 5:25. Wotchi wamba ya pamsika imathanso ntchito ngati njira ili ndi zikwangwani: kilomita ya 2 pa 11:00, ya 5 pa 27:30, ya 8 pa 44:00. Mulembe padzanja ndi bolopeni.

Lusiya: Ngati zikwangwanizo zilipo, aphunzitsi! Ndipo thukuta la ku Tete lifufuta bolopeniyo musanafike kilomita ya 3. Nanga pokonzekera, m'misewu ya fumbi yopita ku Domwe, adziwa bwanji kuti kilomita yathera pati?

Aphunzitsi Banda: Pamenepo mwandigwira. Pakanakhala bwalo loyezedwa la mamita 400 ndikanati azizungulira pa 2:12, maulendo 25 ndiwo makilomita 10. Bwalo la mpira la kusukulu musaliyese 400, ambiri sakwana.

Zakeyu: Foni m'thumba siyeza mtunda? Mayi Anachisale akuyezera chiyani?

Lusiya: Imayeza, koma muziitulutsa mphindi iliyonse mukuthamanga?

Mayi Anachisale: Chinanso bambo, 5:30 yanuyo mwaiyesera kozizira ku Angonia. Kuno kuchigwa mwezi wa Okutobala dzuwa limafika madigiri 40. Akachedwa kuyambitsa mpikisano, wotchi ingokuuzani kuti mukuchedwa, basi.

Lusiya: Komanso kumapiri kwawoko mpweya ndi wopepuka, akatsika apuma bwino. Zikhoza kulipirana.

Mayi Anachisale: Bwerani mudzalione dzuwalo kaye.

Fulugensiyo: Ndamuuza mwini wake andibwereke Loweruka, ndione ngati batire ipirira ola lathunthu GPS ili yoyaka. Akakana 2,500 ndisiya. A Lusiya, tchaja yake ikatayika imapezeka ku Tete, kapena mpaka ku Lilongwe?