Funso pa maganizo anayi a oodita: athu agwera pati?

Akuluakulu odziwa za maakaunti, ndithandizeni. Ndine msungichuma wa kampani yaing'ono yogulitsa simenti ndi malata kuno ku Lusaka, dera la Kamwala. Chaka chathu chimatha pa 31 Disembala, koma oodita tinawalemba ntchito mu Febuluwale, choncho sanaone kuwerenga kwa katundu wa m'sitolo. Katunduyo m'mabuku ndi K900,000, pomwe chuma chonse cha kampani ndi K3,000,000.

Mmene ndikumvera ine, maganizo oyera, opanda chodandaula, amaperekedwa mabuku akaonetsa chithunzi choona. Maganizo okhala ndi “kupatulapo” amabwera vuto likakhala lalikulu koma lili pamalo amodzi, monga ngongole ya kasitomala amene anagwa kalekale koma sitinaifafanize. Otsutsa ndi pamene oodita ali ndi umboni woti zolakwika zafalikira ponseponse, mwachitsanzo kampani yaikulu yosaphatikiza mabuku a kampani yake yaing'ono. Kukana kupereka maganizo ndi pamene umboni wokwanira sukupezeka ndipo vutolo lingakhale lalikulu ndi lofalikira, ngati malisiti ndi kompyuta zinapsa.

Pandivuta ndi apa. Ife sitinaname, umboni ndiwo ukuperewera, ndiye otsutsa sakutikhudza. Koma katundu wofika 30 peresenti ya chuma, amenenso amalowa m'mtengo wa zogulitsidwa ndi phindu, ISA 705, ndondomeko ya oodita yonena za maganizo osakhala oyera, imamuona ngati vuto la pamalo amodzi kapena lofalikira? Nanga oodita atawerenga matumba alipo lero, n'kubwerera m'mbuyo ndi mainivoisi ndi mapepala olandirira katundu mpaka Disembala, zingakwane kuti tipeze oyera? Abanki akudikira lipotili tisanakambe za ngongole.