Za SSD yosaoneka ija, zatheka

Lolemba ndinafunsa kuti: "Ndikuika Windows 11 pa laputopu ya Intel Core i5 ya m'badwo wa 11, pofika posankha disiki palibe chikuoneka, koma mu BIOS SSD ikuonekamo, yafa kapena?"

Siinafe ayi abale. Achimwene amene munatchula za VMD aja munalasa, laputopu zimenezi SSD imakhala kuseri kwa Intel VMD, mbali ya pulosesa yoyang'anira ma SSD, ndiye Windows payokha siiona mpaka uipatse dalaivala wa Intel RST.

Poyamba ndinapusa ndine, ndinangoponya SetupRST.exe pa fulashi, kudina Load driver osapeza kanthu, kani iyo imafuna fayilo ya .inf osati .exe. Ndiye pa kompyuta ya mnzanga ndinaimasula chonchi:

```
SetupRST.exe -extractdrivers RST
```

Foda ya RST ija ndinaikopera pa fulashi yomweyo ya Windows, kenako Load driver, Browse, nkulowa mpaka mu foda muli iaStorVD.inf, kudina Next basi disiki ya 512 GB ija nkutulukira.

Ena munati ndingothimitsa VMD mu BIOS, imagwiradi njirayo koma yanga ilibe pothimitsira. Ndipo ngati Windows mwaika kale VMD ili yoyaka musakaithimitsenso, imakana kuyaka nkulemba INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.