Anabwera 64, ayankha 118

Mlembi: Moni nonse. Fomu yofunsa maganizo pa maphunziro a makomiti a mijigo aja ndaitseka usiku wathawu. Mayankho alipo 118, koma m'kaundula amene tinasainitsa pasukulu tsiku lija muli mayina 64 okha. Wapampando, lipoti lopita kwa amene anasonkha ndilembe ndi ziti?

aPhiri ku Joni: Si ndiye bwino? Anthu ambiri ayankha, ndiye kuti nkhaniyi yawakhudza.

Mlembi: Achimwene, anthu 11 alemba kuti nkhuku inachepa. Tinaphika nyemba ndi usipa, nkhuku sinaphedwe ndi imodzi yomwe. Ena 9 ayankha m'mphindi 6 Lachiwiri usiku, onse akuti mmisiri amene anaphunzitsa uja sadziwa ntchito, ndipo onse alakwitsa chimodzimodzi polemba mawu akuti Afridev, dzina la mtundu wa mjigo. Ine ndikuona dzanja limodzi pamenepo.

Msungichuma: Ndiye vuto ndi limenelo. Mayankho amenewa ndi amene atiuze ngati timulembenso mmisiri yemweyu kutsidya la mtsinje kapena tifune wina. Munthu asataye ganyu chifukwa cha anthu amene sanamuone akumasula mjigo.

aPhiri ku Joni: Chabwino ndamva. Koma Google Forms ili ndi pamene umachonga kuti "Limit to 1 response". Tichonge pamenepo, nkhani yatha.

aMbewe ku Lilongwe: Amalume, pamenepo pamathandiza theka. Pamaletsa akaunti imodzi kuyankha kawiri, koma sipadziwa kuti munthu anabwera kapena ayi. Inuyo muli ku Joni mukhoza kuyankhabe. Komanso mukachonga pamenepo, aliyense ayenera kulowa ndi akaunti ya Google, ndipo amayi ambiri a m'makomiti aja alibe, kapena anawatsegulira mwana ndipo pasiwedi inaiwalika kalekale. Titsekera kunja eni ake enieni. Cholakwika chinali kuponya linki m'gulu lino la anthu oposa 200. Linki ikalowa m'gulu imayenda yokha.

Mlembi: Ndinaiponya ndine, ndavomera. Nanga mayankho alipowa sitingawasefe?

aMbewe ku Lilongwe: Sizitheka, achemwali, chifukwa fomu ija sinafunse chilichonse chimene tingachifananize ndi kaundula. Tiyambirenso. Mulembe kaundula yense mu Google Sheets, tsambalo mulitche Kaundula, ndipo mu kolamu C muike manambala 9 omaliza a foni. Muchotse 0 woyambirira ndi +265, chifukwa wina alemba 0999, wina +265999, wina ndi mipata pakati, ndipo Sheets nayo imameza 0 wakutsogolo. Kompyuta imaona ngati anthu atatu pamene ali mmodzi. Fomu yatsopano ifunse nambala ya foni poyamba, ndipo linki ipite kwa munthu payekhapayekha. Patsamba la mayankho, ngati nambala yagwera mu kolamu B, muike izi pambali:

```
=COUNTIF(Kaundula!C:C, RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9))
```

Ikatulutsa 0, nambalayo mulibe m'kaundula, yankholo muliike padera. Ikatulutsa 1, ndi wathu. Ikatulutsa 2, ndiye kuti anthu awiri analemba foni imodzi, monga bambo ndi mayi a nyumba imodzi, ndipo mulole mayankho awiri pa nambala imeneyo, osapitirira.

Mayi Nangozo: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati ndi za anthu osabwera, ine ndinanena kale kuti wosabwera kumsonkhano azilipira chindapusa. Kumpingo kwathu timatero ndipo anthu amasunga nthawi.

Msungichuma: Mayi, si za chindapusa. Tikukamba za amene ayankha mafunso asanapezeke pa maphunziro.

Mayi Nangozo: Ooh. Ndiyetu ine ndinayankha nawo. Mlamu wanga anali komweko, anandifotokozera zonse pafoni. Koma za nkhuku si ine.

Mlembi: Zikomo mayi ponena zoona. AMbewe, ndatsegula kaundula uja. Pa mayina 64, manambala owerengeka ndi 47. Ena anadinda chala osalemba foni, ena inki inafufutika ndi mvula ija. Mwa 47 amenewa, ambiri ndi mafoni a mabatani, linki sangaitsegule.

aMbewe ku Lilongwe: Amenewo muwaimbire, muwafunse mafunso omwewo, mudzaze fomu inuyo ndi nambala yawo. Mafunso asapitirire 5, apo ayi mayunitsi atha. Otsala 17 aja afikiridwe ndi pepala kudzera kwa apampando a makomiti awo, ndipo mukalandira pepala muchonge dzina m'kaundula. Lipoti lidzanene poyera kuti mwa 64 ayankha angati. Akayankha 40, tilemba 40 mwa 64, ndipo zimenezo zili ndi phindu kuposa 118 osadziwika.

Wapampando: Ine nkhawa yanga ndi ina. Nambala ya foni ndi dzina lomwe. Mmisiri uja ndi mphwake wa amfumu. Mayi wa m'mudzi momwemo, mlembi akumuimbira, anganene kuti maphunziro sanayende bwino? Adzangoti zonse zinali bwino, zikomo. Tithawa mabodza a anthu osabwera n'kugwera m'mabodza a ulemu.

aMbewe ku Lilongwe: Mwalasa, bambo. Pa ulendo uno sitingazithetse kwathunthu. Chimene tingachite n'chakuti woimba foni asakhale wa m'mudzimo, ndipo akamaliza kufananiza afufute kolamu ya manambala asanapereke mayankho ku komiti. Koma kutsidya kuja tidzachite zina. Tidzasindikize timapepala, kalikonse ndi kodi yakeyake ya zilembo 4 zosakaniza, monga K7M4. Tisalembe 001, 002, 003, chifukwa amene waona 014 adziwa kuti 015 iliponso. Tisaikemo O ndi 0, kapena I ndi 1, anthu amazisokoneza. Munthu akasaina potuluka, apise dzanja m'lichero lovundikira atenge kamodzi, ndipo wina asalembe kuti watenga kati. Timapepala totsala tichotsedwe pa mndandanda wa makodi tsiku lomwelo. Fomu idzafunsa kodi m'malo mwa foni. Tidzadziwa kuti woyankha anali pamalopo, koma osadziwa kuti ndi ndani. Kodi ikabwera kawiri, tiwerenga yankho loyamba lokha.

aPhiri ku Joni: Nanga akapatsa mnzake kapepalako?

aMbewe ku Lilongwe: Angathe, ndipo sitingadziwe. Koma kapepala kamodzi ndi yankho limodzi, munthu mmodzi sangatulutse 9 ngati Lachiwiri lija. Akakataya ndiye basi, sitingamupatse kena chifukwa sitikudziwa kuti koyamba kanali kati.

Msungichuma: Mwati asaine potuluka, ndagwirizana nazo. Tsiku lija ndinaona anyamata atasaina m'mawa, kudya nsima, n'kusowa nthawi yophunzira kusintha marabala isanakwane. M'kaundula alimo, koma mjigo wotsegula sanauone.

Mlembi: Ndiye amenewo ndiwaimbire kapena ayi? Kaundula wathu ndi wa m'mawa yekha, sindingathe kuwasiyanitsa.

aMbewe ku Lilongwe: Aimbireni, koma muonjezere funso lakuti anakhala mpaka nthawi yanji. Ena adzanama, ena ayi.

aPhiri ku Joni: Ine chimene sichikundikomera n'chakuti ife akunja ndi amene tinatumiza ndalama zambiri, koma tsopano tilibe pakamwa.

Wapampando: Pakamwa muli napo, aPhiri, pa za ndalama ndi za kumene tipite kenako. Koma ngati mmisiri anaphunzitsa momveka, anene ndi amene anakhala pabenchi. Mlembi angakonze fomu ina ya osonkha, mayankho ake asasakanikirane ndi awa.

aPhiri ku Joni: Nanga mafomu awiriwo akasemphana, lipambana liti?

Wapampando: Imeneyo tidzakambe Loweruka. Mlembi, yambani kulemba kaundula. Ndani amene si wa m'mudzimo angadzipereke kuimba mafoni?

Mayi Nangozo: Ine ndingaimbe, bola mayunitsi agule ndi msungichuma.