CT yosaonetsa kanthu koma zizindikiro za sitiroko zilipo: tilipire MRI?

Moni akuluakulu nonse azachipatala. Ndikufuna nzeru kuchokera kuno ku Thyolo.

Tili ndi mayi wa zaka 62 amene anayamba mwadzidzidzi chizungulire, kusanza, kudzandira ndi kulankhula mosamveka. BP inali 190/105, shuga ali bwino, malungo palibe. Anajambulidwa CT yopanda kontirasiti ku Blantyre patatha maola 5, ndipo sinaonetse kanthu.

Chifukwa choyambira CT ndikuchimvetsa. Imatha m'mphindi zochepa, ndipo magazi ongotuluka kumene muubongo amaoneka oyera mbee. Popeza sanaoneke, tawayambitsa asipirini wa 300 mg titayeza kaye ngati akumeza bwino. BP sitinaitsitse, poti sinafike 220/120.

Chikundidetsa nkhawa ndi malo ake. Zizindikirozi zikuloza kunkhongo, kumene mafupa okhuthala amasokoneza chithunzi cha CT, komanso ubongo wosowa magazi suoneka msanga m'maola oyamba. MRI imaona kusinthako m'mphindi zochepa: maselo akatupa, madzi sayenda momasuka, malowo amawala pa DWI n'kuda pa ADC. Komabe kabala kakang'ono ka patsinde la ubongo kangathe kubisala ngakhale pa DWI m'maola 48 oyamba.

Lero ndi tsiku lachitatu, kusanza sikunaleke, ndipo ndikuopa kutupa kumene kungatseke njira ya madzi a muubongo. Achibale ndalama zawathera.

Ndiye akuluakulu, tibwereze CT lero kuti tione kutupako, kapena MRI ingasinthedi chithandizo pamenepa? Nanga ndi zizindikiro ziti zoti tiwabwezere ku Blantyre mosadikira?